Mizere ingapo ya Chijeremani yothokozera dokotala ndi anamwino amene anasamala mayi

Nachisale_Chinamwali
Abale, amene mumachidziwa Chijeremani ndithandizeni. Mayi anga anapita ku Jeremani mu Disembala kukaona mng'ono wanga amene anali m'chikuta. Pa 13 Januwale anaterereka pa madzi oundana pakhomo penipeni, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. M'mawa mwake anawachita opaleshoni, ndipo anagona m'chipatala masiku 11. Anabwerako mu Malichi, pano ali kuno ku Zomba, akuyenda ndi ndodo, moti Lamulungu lapitali afika okha kutchalitchi.

Koma mtendere sakutipatsa. Akuti anachokako ngati mbala, osatsanzika, chifukwa tsiku lotuluka namwino wa usiku amene ankawakonda sanali pa ntchito, dokotala nayenso sanamuone. Akufuna kalata yothokoza, ndipo akuti ikhale m'chinenero cha eni ake. Mng'ono wangayo ntchito yake amagwira m'Chingerezi, Chijeremani chake n'chogulira buledi basi. Walemba izi:

Liebe Doktor, ich danke Sie für alles. Ich bin jetzt gut. Gott segne dich.

Iye mwini akuti sakuzikhulupirira. Titumize choncho?

Kabaza265
Tumizani basi. Zikomo ndi zikomo, palibe amene anamangidwapo chifukwa cha galamala.

Joni_Boyz
Achemwali, munadzera njira yanji kuti mayi akalandire chithandizo kumeneko? Malume anga ali pa mndandanda wa opita ku India chaka chachiwiri tsopano. Ndalama zinakwana zingati?

Nachisale_Chinamwali
A Joni_Boyz, werenganinso bwino. Sanapitire chipatala, anangogwa ali kocheza. Inalipira ndi inshuwalansi ya paulendo ija amaifuna popempha viza ya Schengen, yosachepera mayuro 30,000. Ya malume anuyo ndi nkhani ina, pepani.

Nesi_wa_Usiku
A Nachisale, musatumize kaye. Ndine namwino, ndagwira ntchito m'mawodi a kuno ku Jeremani zaka 7, ndipo makhadi otere ndawawerenga ambiri. A Kabaza akunena zoona kuti palibe angakwiye. Koma m'mizere itatuyo muli zinthu zinayi zoti tikonze, ndipo chimodzi n'chachikulu.

Chachikulucho ndi dich wa kumapetoyo. Ajeremani ali ndi "iwe" ndi "inu" monga ife tomwe. Du, dich ndi dir ndi "iwe". Sie ndi Ihnen ndi "inu". Mng'ono wanu wayamba ndi "inu" n'kumaliza ndi "iwe", ngati munthu amene wati "adokotala ndakuthokozani" kenako "Mulungu akudalitse iwe". Kwa dokotala kapena namwino, wodwala amagwiritsa Sie kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale dokotalayo akhale msinkhu wa chidzukulu chake.

Chachiwiri, danken satengana ndi Sie, amatengana ndi Ihnen. Ndiye ich danke Ihnen. Ndipo I woyambayo akhale wamkulu. Mukalemba ihnen ndi i wamng'ono ndiye kuti mukuthokoza "iwo", anthu ena ali uko, osati amene akuwerenga.

Chachitatu, ich bin gut sizitanthauza kuti ndili bwino m'thupi. Zimamveka ngati mayi akudzitama kuti ndine munthu wabwino, kapena ndine katswiri. Za m'thupi amati mir geht es gut, ndipo ngati akupezako bwino amati mir geht es besser.

Chachinayi ndi Liebe Doktor. Pamenepa ndiyambe ndafunsa: dokotalayo ndi bambo kapena mayi, ndipo dzina lake la makolo mukulidziwa?

Nachisale_Chinamwali
Mayi akuti ndi bambo wachikulire wa imvi, ankabwera ndi gulu la anthu pambuyo pake. Dzina sakulidziwa. Akungoti "adokotala aakulu aja".

Mphunzitsi_Wopuma
Ine ndinaphunzirako Chijeremani pang'ono kwa bambo mfumu wina wa kwawo komweko ndili mnyamata. Kalata kwa munthu wolemekezeka imayamba ndi Sehr geehrter Herr Doktor ndipo imatha ndi Hochachtungsvoll. Kwa namwino wosakwatiwa mulembe Fräulein. Liebe ndi mawu a chikondi, olembera chibwenzi, musawayerekeze kwa dokotala.

Nesi_wa_Usiku
Aphunzitsi, poyambirapo mwalondola, Sehr geehrter Herr ndi momwemo. Zinazo zinapita ndi bambo mfumuwo. Fräulein boma la ku West Germany linamuchotsa m'makalata ake mu 1972, ndipo lero mukamutchula choncho namwino akuyang'anani ndi diso loipa. Mkazi aliyense wamkulu ndi Frau, kaya ali pabanja kaya ayi. Hochachtungsvoll masiku ano amamveka ngati kalata ya loya yokumbutsa ngongole. Liebe ndi Lieber polonjera m'kalata si za chibwenzi ayi, ngakhale abwana anga amandilembera choncho. Kungoti ndi moni wa anthu odziwanako. Liebe ndi wa mkazi, Lieber wa mwamuna, ndiye mng'ono wa a Nachisale anawasandutsa mayi adokotala a imviwo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndamva za Fräulein. Koma pa Hochachtungsvoll sindikugonja. Ulemu sukalamba.

Kabaza265
Ulemu sukalamba koma suti ya 1975 imakalamba aphunzitsi.

Nesi_wa_Usiku
Tibwerere kwa adokotala a imvi, chifukwa ndikukayika ngati ndi iwo anagwira mpeni. Munthu wachikulire woyenda ndi gulu pambuyo pake kawirikawiri ndi Chefarzt, mkulu wa dipatimenti yonse, amene amazungulira wodi mwina kamodzi pa sabata. Pansi pake pali ma Oberarzt, madokotala okhwima amene amachita maopaleshoni ambiri. Pansi pa amenewo pali ma Assistenzarzt, achinyamata amene akuphunzira ukatswiri, ndipo ndi amene wodwala amawaona tsiku ndi tsiku. Kalata ikapita kwa Chefarzt imafikira kwa mlembi wake, iye angasangalale ndithu, koma mwina mayi anu sakuwakumbuka n'komwe.

Tsegulani mapepala amene anabwera nawo. Pali kalata yotulutsira wodwala, pamwamba pamalembedwa Arztbrief kapena Entlassbrief. Kumapeto kwake kumakhala mayina awiri kapena atatu, lililonse ndi udindo wake pansi. Ngati anakupatsaninso pepala lolembedwa OP-Bericht, funani liwu lakuti Operateur. Dzina lili pamenepolo ndi la amene anachita opaleshoni. Mundiuze zimene zalembedwa kutsogolo kwa dzinalo, dzina lenilenilo musaliike pano.

Nachisale_Chinamwali
Mayo ine. Ndawapeza mapepala m'chikwama cha mayi. Pa Operateur pali Dr. med. kenako dzina la mkazi, ndipo pa kalata inayo pansi pa dzina lomwelo palembedwa Oberärztin. Ndawaonetsa mayi chithunzi chake chimene mng'ono wanga wapeza pa tsamba la chipatala. Akuti "ameneyu ndi nesi uja ankabwera kudzaona bala". Masiku 11 onse amamuyesa namwino! Pano akhala chete pakhonde, manyazi awagwira.

MayiBusa_Ndirande
Muwauze asachite manyazi. Kwathu kuno tinazolowera kuti wovala zoyera wamkazi ndi nesi. Ngakhale mwana wanga amene anamaliza ku Koleji ya Zamankhwala odwala amamuitanabe "anesi".

Nesi_wa_Usiku
Zimachitikanso kuno, agogo a Chijeremani eni ake amalakwitsa chimodzimodzi. Tsopano moni wake ndi uwu, ndaika Uje pamalo pa dzina la makolo:

Sehr geehrte Frau Dr. Uje,

Onani zinthu zitatu. Kwa mkazi ndi geehrte, kwa mwamuna geehrter. Frau ndi Dr. zimakhala pamodzi, simusankhapo chimodzi. Ndipo med. uja pa moni amagwa, amatsala pa envulopu pokha. Akanakhala pulofesa mukanalemba Frau Professor kapena Frau Professorin ndi dzina, Dr. n'kumusiya. China choti ena adziwe: si dokotala aliyense kuno ali ndi Dr. kutsogolo kwa dzina, chifukwa Dr. amabwera munthu akalemba kafukufuku wapadera, osati ndi digiri ya udokotala yokha. Ngati pa pepala palibe Dr., mumangolemba Frau Uje kapena Herr Uje, ndipo si chipongwe.

Kalata yonse ndingailembe motere:

Sehr geehrte Frau Dr. Uje,

Sie haben mich am 14. Januar an der Hüfte operiert. Dafür möchte ich mich herzlich bei Ihnen bedanken. Ich bin wieder zu Hause in Malawi. Mir geht es viel besser, und ich kann schon mit einem Stock bis zur Kirche gehen. Ich habe mich bei Ihnen gut aufgehoben gefühlt.

Mit freundlichen Grüßen
dzina la mayi

M'Chichewa akuti: munandichita opaleshoni ya m'chiuno pa 14 Januwale, ndikufuna kukuthokozani kuchokera pansi pa mtima. Ndinafika kwathu ku Malawi. Ndikupeza bwino kwambiri, ndipo ndayamba kale kuyenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi. Mzere womalizawo ndi wovuta kuutembenuza. Gut aufgehoben ndi chinthu chimene chasungidwa pamalo abwino, pamene sichingaonongeke. Wodwala akanena choncho ndiye kuti mtima wanga unali m'malo ndili m'manja mwanu. Ndi mawu amene Ajeremani eni ake amanena kwa dokotala, ndipo amafika.

Mzere wa ndodo ndi tchalitchi musauchotse. Dokotala wa mafupa amaona munthu akutuluka pa njinga ya odwala, kenako samvanso za iye, makamaka mlendo amene wakwera ndege. Chimene amafuna kudziwa ndi chakuti chiuno chija chikuyenda kodi. "Zikomo pa zonse" amamva tsiku lililonse, koma zoti gogo wa ku Zomba akufika wapansi kutchalitchi adzauza anzake pa nkhomaliro.

Joni_Boyz
Yafupika kwambiri iyi. Munthu wakupulumutsa, iwe mizere isanu? Ndiye palibenso "muli bwanji, ana ali bwanji, ife kuno tili bwino kaya inu"? Kumeneko n'kuuma mtima.

WaKuChipata_Zurich
Ba Joni, kuno mukamufunsa dokotala za ana ake m'kalata adabwa kuti mwawadziwira kuti. Kalata yawo imalunjika pa nkhani. Ine nili ku Switzerland, zambiri n'zofanana ndi zimene a Nesi anena, koma pali kusiyana kungapo ngati wina azalembera chipatala cha kuno. Chilembo chija ß kuno kulibe, timalemba Grüssen. Ndiponso pa moni ambiri saika koma, ndiye mzere wotsatira umayamba ndi chilembo chachikulu. Ku Jeremani amaika koma, mzere wotsatira n'kuyamba ndi chaching'ono.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye a Nesi alakwitsa. Aika koma, koma mzere wawo wayamba ndi S wamkulu.

Nesi_wa_Usiku
Diso lanu n'lakuthwa aphunzitsi, koma Sie wa ulemu amakhala wamkulu paliponse pamene ali. Mzerewo ukanayamba ndi ich kapena vielen, chikanakhala chilembo chaching'ono. Muona pa kalata yachiwiri. Ndipo pambuyo pa Mit freundlichen Grüßen sipakhala koma, dzina limangobwera pansi.

Nachisale_Chinamwali
Zilembo za timadontho pamwambazi pa foni yanga sizikupezeka. Ndingangolemba u wamba?

WaKuChipata_Zurich
Dinani u osachotsa chala, ü atuluka. Chimodzimodzi a, o ndi s. Zikakanika lembani ue, ae, oe ndi ss, monga Huefte, Gruessen. Kungochotsa timadontho osaika e ndiye kulakwitsa, nthawi zina liwu limasintha. Schon ndi "kale", schön ndi "chokongola". Koma ngati mulemba pamanja vuto palibe, timadontho tiwiri basi.

MayiBusa_Ndirande
Ine ndaona kuti m'kalata ya a Nesi dzina la Mulungu lachotsedwa mwakachetechete. Mng'ono wa a Nachisale analiikamo. Amene anachiritsa mayiwa ndi ndani? Dokotala amasoka, wochiritsa ndi wina. Munthu wachikulire wopemphera sangathokoze osadalitsa, kumeneko n'kumuika mawu a eni m'kamwa.

Nesi_wa_Usiku
Mayi busa, sindinalichotse mozemba, ndimafuna tifike. Mzere wolondola ndi Gott segne Sie. Mukafuna kunena kuti ndimakupemphererani, ich bete für Sie. Palibe angakwiye nazo zikachokera kwa mayi wachikulire. Koma dziwani kuti kuno anthu ambiri sapemphera, ndipo chipembedzo amachitenga ngati nkhani ya munthu payekha. Anzanga ena pa wodi akawerenga mzere wotere amakhudzidwa, ena amangomwetulira n'kupitirira. Chimene sichimveka bwino ndi kalata imene yonse ikuyamika Mulungu, dokotala n'kungotchulidwa ngati chida. Mzere umodzi kumapeto, inde. Ulaliki, ayi.

Zimatengeranso chipatala. Zina kuno ndi za mipingo, za Akatolika kapena za Chievanjeliko, mumaona mtanda pakhoma, mwinanso dzina la woyera mtima pa chipata. Kumeneko mawu otere ndi a tsiku ndi tsiku.

MayiBusa_Ndirande
Ndiye Mulungu tizimutchula poyang'ana kaye chikwangwani cha pa chipata? Ine ayi. Alembe m'makalata onse awiri.

Kabaza265
Mayi busa, kalata ndi ya mayi a Nachisale, si ya Mvano.

Ada_Katoto
Ine langa ndi dandaulo. Ndinadwalako kumeneko mu 2019 nditapita ku maphunziro a miyezi itatu, anandichotsa apendikisi. Tsiku lotuluka ndinakulunga mayuro 50 m'kapepala n'kumupatsa namwino amene ankandisambitsa. Anabweza m'manja mwanga pamaso pa odwala anzanga, nkhope ili gwa, ngati ndamupatsa chiphuphu. Ndinatuluka misozi ili m'maso. Mpaka lero ndimati anthu aja kuyamika sakudziwa. Ndiye a Nachisale musadzivutitse, mwina khadi lanulo akaliponya m'bini.

Nesi_wa_Usiku
Ada, pepani, ndikumva mmene zinawawira. Koma namwinoyo amateteza ntchito yake. M'zipatala za boma mgwirizano wa ntchito wotchedwa TVöD, pa ndime 3, umaletsa wantchito kulandira mphatso kapena ndalama chifukwa cha ntchito yake popanda chilolezo cha olemba ntchito, ndipo zipatala zina zili ndi malamulo ofanana nawo. Tinthu ting'onoting'ono amalola, malire ake chipatala chilichonse chimaika chokha. Ndalama m'dzanja la munthu mmodzi, anthu akuona, ndiye zovuta kwambiri. Mukanati für die Kaffeekasse, kutanthauza kabokosi ka wodi yonse kogulira khofi, mawodi ambiri akanalandira. Inde akanatha kukukanirani mofatsa, pamenepo sindimuikira kumbuyo.

Za bini ndikukana. M'chipinda chathu chopumira muli bolodi lodzaza makhadi, ena akhalapo zaka. Usiku ukavuta timawawerenga.

Ada_Katoto
Lamulo ndamva. Koma nkhope ija sinali ya lamulo.

Nachisale_Chinamwali
Nkhani ya mphatsoyi mwaiyamba bwino, chifukwa mayi poyamba amati titumize nkhuku. Titawaseka anati ndiye chambo chouma ndi mtedza. Tingatumize chiyani chenicheni?

Kabaza265
Chilichonse mutumize musalembepo Gift pa phukusi. Msuweni wanga dzina lake ndi Gift, atafika kumeneko anthu amangoseka akadzitchula. M'chinenero chawo Gift ndi poizoni.

WaKuChipata_Zurich
Kabaza lero wanena zoona. Mphatso ndi Geschenk. Nkhuku iwalani, nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa Ulaya salola kulowa nazo. Nsomba youma pa wodi, fungo lake mudzatchuka nalo zaka khumi.

Nesi_wa_Usiku
Paketi ya khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa ku Thyolo, yosatsegula, ya wodi yonse. Anamwino kuno amakhalira khofi, ndipo chokoleti timalandira mpaka kutopa nacho. Zophika kunyumba kapena zosamata ena sadya. Koma mphatso si yofunika, khadi palokha likwana.

Nayi ya anamwino. Pa wodi timasinthana katatu, m'mawa, masana ndi usiku, ndiye amene anagwira mayi anu m'masiku 11 angapose khumi. Lemberani gulu lonse, kenako mutchule mmodziyo m'kati. Nambala ya wodi ili pa Arztbrief pomwepo, ine ndangoika 4.

Liebes Team der Station 4,

vielen Dank für die gute Pflege im Januar. Ich spreche kein Deutsch, aber Sie hatten immer Geduld mit mir. Besonders danke ich Schwester Uje vom Nachtdienst. Ich bin wieder zu Hause in Malawi und kann schon mit einem Stock gehen.

Herzliche Grüße aus Zomba
dzina la mayi

Akuti: zikomo kwambiri pondisamala bwino mu Januwale. Sindiyankhula Chijeremani koma munkandilezera mtima nthawi zonse. Makamaka ndikuthokoza Sisitala Uje wa usiku. Aphunzitsi, mwaona v wamng'ono uja? Onaninso kuti kwa anamwino ndalemba Pflege, kusamala wodwala. Ntchito ya dokotala ndi Behandlung. Mukathokoza anamwino chifukwa cha Behandlung sikulakwa kwenikweni, koma Pflege ndi liwu la ntchito yathu, timalimva kukoma.

Chikusowa ndi chimodzi. A Nachisale, afunseni mayi kuti namwino wa usikuyo anachita chiyani chimene sakuchiiwala. Chinthu chimodzi chokha.

Nachisale_Chinamwali
Ndawafunsa, alira kaye. Akuti usiku woyamba atachoka ku opaleshoni anadzuka osadziwa kumene ali, mng'ono wanga atapita kunyumba kukayamwitsa. Anayamba kuitana m'Chichewa, kufuna kutsika pabedi. Namwinoyo anabwera, sanamvane liwu ndi limodzi lomwe, koma anakhala pambali n'kuwagwira dzanja mpaka anagona. Usiku wotsatira anabwera ndi kapepala atajambulapo kapu ya madzi, chimbudzi ndi nkhope yolira, kuti mayi azingoloza.

Nesi_wa_Usiku
Imeneyo ndiye kalata. Pambuyo pa Nachtdienst onjezani izi:

Sie hat in der ersten Nacht meine Hand gehalten, bis ich eingeschlafen bin. Ihren Zettel mit den Bildern vergesse ich nie.

Anandigwira dzanja usiku woyamba mpaka ndinagona, kapepala kake ka zithunzi sindidzakaiwala. Ndikuuzeni monga wa usiku mnzake: nthawi imeneyo namwino mmodzi amakhala ndi odwala ambiri, mabelu akulira uku ndi uku. Kukhala pansi n'kugwira munthu dzanja ndiye kuti ntchito ina anaisiya, anakaimaliza mochedwa. Akadzawerenga adzakumbuka bedi lenilenilo.

Dalitso_Leeds
Funso: Schwester ameneyu si wachikale ngati Fräulein? Mkazi wanga anachita maphunziro a unamwino ku Hamburg, akuti dzina la ntchito pano ndi Pflegefachfrau, ndipo iye sakonda kuitanidwa Schwester. Akuti dokotala amamutcha Frau Doktor ndi dzina la makolo, iye n'kumuitana ndi dzina loyamba ngati mwana.

Nesi_wa_Usiku
Mlamu akunena zoona, ndipo nkhaniyi ngakhale pa wodi yathu timakangana. Dzina la boma linasintha kawiri, Krankenschwester anachoka mu 2004, ndipo Pflegefachfrau ndi Pflegefachmann anabwera mu 2020. Koma palibe amalemba Liebe Pflegefachfrau pa khadi. Odwala akuitanabe Schwester ndi dzina loyamba, mwamuna amati Pfleger ndi dzina loyamba, ndipo anamwino ambiri amadzitchula okha choncho. Ena, makamaka achinyamata, amafuna Frau ndi dzina la makolo. Njira yanga ndi iyi: lembani mmene iye anadzitchulira kapena mmene baji yake inalembedwera. Ngati pa baji panali dzina la makolo, Frau Uje. Ngati loyamba lokha, Schwester Uje.

Dalitso_Leeds
Mkazi wanga akuti akanakhala iye akanakonda dzina lokha popanda Schwester. Koma akuvomera kuti kwa gogo sangadandaule.

Joni_Boyz
Koma madokotala aku Jeremani Chingerezi amachidziwa. Mavuto onsewa n'chifukwa chiyani? Komanso akaona Chijeremani chosalala chonchi adziwa kuti walemba ndi wina.

WaKuChipata_Zurich
Dokotala amva Chingerezi, koma pa wodi si onse. Anamwino achikulire ena, othandizira, okolopa, ambiri anachokera ku Poland, ku Turkey, ku Bosnia, chinenero chowagwirizanitsa ndi Chijeremani. Khadi la pa bolodi aliyense aliwerenge. Zoti walemba wina, nanga chobisa n'chiyani? Kalata yomweyo ikunena kuti sayankhula Chijeremani. Mukafuna, a Nachisale alembe m'dzina lao: ich schreibe im Namen meiner Mutter, ndikulemba m'malo mwa mayi anga. Koma pamenepo ziganizo zonse zisintha, mich akhala meine Mutter, ndiye ntchito iyambiranso.

Nesi_wa_Usiku
Isiyeni m'mawu a mayi, asayine okha. Pa khadi la ku wodi musalembepo tsiku lobadwa kapena za matenda mwatsatanetsatane, chifukwa limapachikidwa poonekera. Dzina, mwezi, ndi Malawi zikwana, sindikhulupirira kuti mu Januwale anagoneka Amalawi awiri. Onse awiri alowe mu envulopu, osati positikhadi yoonekera.

Pa envulopu ya dokotala mzere woyamba Frau Dr. med. ndi dzina lonse, wachiwiri dzina la chipatala ndi dipatimenti monga zalembedwera pamutu pa Arztbrief, mwina muona Unfallchirurgie, ya ovulala pangozi. Kenako msewu, nambala ya nyumba pambuyo pa dzina la msewu, ndipo pansi manambala asanu a positi kutsogolo kwa dzina la mzinda. Kwa amene akulembera mwamuna, pa envulopu ndi Herrn, ndi n kumapeto, pomwe m'kati ndi Herr.

Mayankho musayembekezere kwambiri. Madokotala ena amayankha, anamwino kawirikawiri ayi, ndipo nambala zawo za foni sapereka. Muwauziretu mayi kuti asadzati anyozedwa.

Nachisale_Chinamwali
Zikomo nonse, a Nesi_wa_Usiku makamaka. Mmene zathera ndi umu. Ndakopera makalata awiri pamanja, timadontho tonse ndawerenga kawiri. Mayi asayina okha, ndipo pansi pa dzina alemba ndi dzanja lawo "Zikomo kwambiri", akuti Ajeremaniwo aphunzireko liwu limodzi. Gott segne Sie alowa m'khadi la anamwino. M'kalata ya dokotala akana okha, akuti munthu amene ndinamuyesa nesi masiku 11 ndiyambe ndamupatsa ulemu wake wa udokotala, madalitso ndimupempherera kuno. Mayi busa musandikalipire ine.

Mnzake wa mng'ono wanga akukwera ndege Loweruka, atenga makalata ndi mapaketi awiri a khofi. Chatsala ndi dzina la namwino. Mayi akulitchula mwina mwake moti mng'ono wanga akuti dzina lotero kulibe, ndipo baji sanaiwerenge. Ndasiya mpata pa khadi.

MayiBusa_Ndirande
Sindikalipa. Koma mzere umodzi ukanakwana pansi apo.

Nesi_wa_Usiku
Mng'ono wanu apite yekha ku wodi ndi khadilo, afunse pa Stationszimmer, chipinda chimene anamwino amalemberamo. Anene tsiku, usiku wa pa 14 Januwale, ndi nkhani ya kapepala ka zithunzi. Mwina dzina lonse sangamuuze, koma akhoza kulemba okha pa mpatawo kapena kumupatsa loyamba. Asapite m'mawa pamene madokotala akuzungulira, kapena cha m'ma 2 koloko masana pamene a m'mawa akusiyira a masana, palibe adzamuyang'ane. Cha m'ma 4 ndi bwino. Mwini wakeyo sakamupeza, ngati akadali wa usiku nthawi imeneyo ali mtulo.